Akaunti ya Mlamu

Ndine ndinadina, ndisanamizire munthu. Foni ya mng'ono wanga inali pachaja patebulo, iye akusamba, ndiye kauthenga kaja kanatulukanso: pulogalamu yatsopano ya foni yafika, ikani tsopano. Sabata yonse kanali kakundinyansa. Ine zinthu zongolendewera sindigwirizana nazo. Ndinadina, foni inazima n'kuyakanso, kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda. Kenako ndinaona kuti yanga yatsala pang'ono kuzima, ndipo chaja m'nyumbamo n'chimodzi. Ndinasolola chajacho, ndikuti yakeyo ili pa 40 peresenti, ikwanira.

Batire la foni imeneyo ndi labodza kuposa mwini wake woyamba, mlamu wanga. Kamzere kasanafike pakati, foni inangoti zii.

Titaibwezera pachaja inkayaka, kuonetsa chizindikiro cha kampani, kuzima, kuyakanso, osapitirira pamenepo. Mng'ono wanga anaima pakhomo la bafa, thaulo kumutu, osandikalipira n'komwe. Bola akanandituka.

"Achemwali, mawa ndi kukhoti," anatero.

Ndinkadziwa. M'foni imeneyo munali zithunzi za nkhope yake yotupa, za chitseko chothyoledwa, ndi mafayilo anayi a mawu amene iye anajambula pamene mwamuna wake ankalumbira zimene adzamuchite. Anathawira kwa ine miyezi itatu yapitayo ndi mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, ine nditangosamukira nyumba imene mlamuyo saidziwa. Mawa lake woweruza amayenera kunena kuti mwanayo azikhala ndi ndani. Popanda umboniwo, akanangoona bambo wa tayi, wolankhula mofatsa ngati mlaliki.

Titasiya mwana kusukulu tinapita kwa mayi wina wokonza mafoni, m'kashopu kopanikizika pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Patebulo pake panali tizomangira m'chivindikiro cha botolo, nyale yopindika khosi ndi kompyuta yong'ambika pakona. Anamvetsera nkhani yonse akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Munasolola chaja foni ili mkati moika apudeti, pulogalamu yatsopanoyo?"

"Inali pa 40."

"Ngakhale ikhale pa 90, mayi. Ikayamba, manja kumbuyo. Ndipo musanadine mumayamba mwakopera zinthu zanu kwina. Bakapu ilipo?"

Ndinafuna kumuyankha kuti sindinabwerere maphunziro, koma ndinameza.

Anagwira mabatani awiri nthawi imodzi kwa kanthawi. Foni inazima, n'kubwereranso pachizindikiro pomwe paja. Anagwiranso ena, ndipo panatuluka timizere ta Chingerezi pagalasi lakuda. Ine ndi changu changa ndinaloza mzere wina.

"Si apa pokonzera? Dinani apa."

Anandimenya chala, phaa, ngati mwana woba shuga.

"Apo m'pofufuta zonse. Foni idzayaka bwinobwino, koma yopanda kanthu ngati yam'sitolo. Anthu ambiri amalirira pamenepa." Anatembenukira kwa mng'ono wanga. "Ndafunsa za bakapu, asisi."

"Ilipo. Zithunzi zimapita zokha pa intaneti ndikalumikiza foni ku netiweki ya kuntchito."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinayamba kumwetulira, chitsiru ine.

"Zili bwino. Lowani mu akaunti yanu pakompyutapa, tione ngati zafikadi. Bakapu imene simunaionepo ndi maso musamaikhulupirire."

Mng'ono wanga anayang'ana kompyutayo, manja ali pamiyendo.

"Pasiwedi sindiidziwa. Foniyi inali yawo. Anangondipatsa atagula ina."

"Yawo ndani?"

"Bambo a mwana."

Kwa wometa kunkalira makina, kwa telala wailesi. Mayi uja anavula magalasi n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti akaunti ili m'foniyi ndi yawo. Chithunzi chilichonse chimene mwajambula, chikapita pa intaneti chimakafikira kwa iwo. Akafuna amaona. Akafufuta kumeneko, foniyi ikangolumikizana ndi intaneti ikhoza kutsatira n'kufufutanso zakuno. Ndipo tikanadina paja pamene amaloza akuluwa, ikanatifunsa pasiwedi ya bambowo isanatseguke."

Miyezi itatu tikutseka makatani, tikusintha njira yopitira kumsika, mwana tamusintha sukulu, koma munthuyo tikuyenda naye m'chikwama.

Mayiyo anatenga kasingano n'kutulutsa simu khadi, n'kuipatsa mng'ono wanga m'manja. Anati ayesa kuikanso pulogalamu ya foniyo kudzera pa kompyuta, mtundu wake womwewo, m'njira yosakhudza zithunzi ndi mawu.

"Sindikulonjeza. Ikakana, kwatsala kufufuta basi. Ndipo wina asayandikire chingwechi."

Ananena akuyang'ana ine.

Tinadikira nthawi yaitali fayilo ikutsika. Kenako kamzere kena kanayamba kuyenda, pagalasi la kompyuta tsopano. Ndinakhalira manja anga enieniwa pabenchi. Magetsi anaphethira kamodzi, ine n'kufuula kuti mayo, telala mpaka anasuzumira. Mayi uja sanatekeseke, anati kompyutayo ili ndi batire lake. Mng'ono wanga ankangotembenuza kasimu khadi kaja m'zala.

Foni inazima. Inayaka. Chizindikiro chija chinakhala, chinakhalabe, mpaka ndinayamba kutukwana chamumtima. Kenako panatuluka malo olembapo nambala yotsegulira.

Mng'ono wanga analemba nambalayo, foni n'kutseguka. Mayiyo anailanda msangamsanga, n'kudina pa kachizindikiro ka ndege kotseka netiweki kuti isalumikizane ndi chilichonse, n'kuyamba kukopera. Zithunzi zonse zinalipo. Mafayilo anayi a mawu aja analiponso, ndipo anati amenewo sankapita n'komwe pa intaneti, anali m'foni mokhamo. Anaika zonse pa kompyuta, kenako pa mafulashi awiri, n'kutsegula fayilo imodziimodzi kuti timve kuti ikulira. Mawu a mlamu anadzaza kashopu konse. Mayiyo anatseka msanga.

"Fulashi imodzi musunge inu, ina akuluwa, nyumba ina ngati n'kotheka. Foniyi isalowenso pa intaneti mpaka titachotsamo akaunti imeneyo. Mutsegule yanuyanu, pasiwedi muidziwe nokha."

Ndinalira, sindibisa. Ndinamugwira mayiyo dzanja ndi manja awiri, ndikuti Mulungu amudalitse ndi ana ake omwe. Mng'ono wanga anaseka koyamba tsiku limenelo, n'kunena kuti chaja ndigule changa.

Koma mayiyo sankaseka. Ankayang'ana zithunzi zomalizira m'foni muja, chala chili m'malere.

"Ichi munajambula liti?"

Chinali chithunzi cha mwana, atavala yunifolomu yatsopano, akumwetulira ndi mano ake operewera. Kumbuyo kwake kunali geti la sukulu, ndi chikwangwani cha dzina la sukuluyo, zilembo zikuluzikulu zowerengeka bwino.

"Lachisanu," anatero mng'ono wanga. "Anandikakamiza yekha, akuti aoneke."

"Loweruka munapita kuntchito?"

"Ndinapita."

Mayiyo anatsegula pamene pamaonetsa za chithunzicho, n'kutitembenuzira foni. Panalembedwa kuti chinasungidwa kale pa intaneti.

Mng'ono wanga anaika simu khadi ija m'foni yanga kuti aimbire aphunzitsi. Asanalembe n'komwe nambala, foni inanjenjemera m'manja mwake. Unali uthenga wochokera ku nambala yachilendo, wotumizidwa m'mawa, nthawi imene ife tinali pabenchi kuyang'ana kamzere. Anauwerenga, n'kundipatsa foniyo.

"Yunifolomu yamukhala bwino mwana wanga. Usavutike kukamutenga lero, ndili kale pageti."