Makiyi a Wophunzira

Ndinali nditangonyika makatani a pabalaza m'beseni pamene mwana wanga wamkazi analowa n'kuima pakhomo la kubafa, chikwama chili paphewa. Linali Loweruka masana, tsiku lokhalo limene ndimapuma. Sabata yonse ndimachapa ndi kusita zofunda za kuhotela, ndiye ndikapuma ndimachapa zanga.

"Andidula ndalama, amayi."

Ndinatulutsa manja m'madzi. "Ndalama zitinso? Pali choti munthu n'kudulapo pamene paja?"

Mwanayu amaphunzira ntchito kushopu ya magalasi a maso. Kutsogolo mwini shopu amayeza anthu maso, kumbuyo kuli kachipinda ka makina odulira magalasi kuti alowe mu felemu. Mwini shopuyo kwathu timawatchula kuti a Mzere Wapansi, chifukwa tsiku lonse amangouza anthu kuti, "Werengani mzere wapansiwo." Pomutenga anati aphunzira miyezi sikisi, azilandira alawansi ya basi ndi chakudya chamasana. Miyeziyo itatha anawonjezera ina. Kenako amisiri amene ankamuphunzitsa anapuma ntchito chifukwa manja anayamba kunjenjemera, ndipo m'malo mwawo simunabwere munthu. Makiyi a shopu anapatsidwa mwana wangayu. Ndiye amatsegula m'mawa, ndiye amatseka madzulo, alawansi ndi yomwe ija. Ikatha mwezi usanathe, ya basi imatuluka m'thumba mwanga.

"Ndawononga galasi," anatero. "Aja okwera mtengo, owerengera ndi kuonera kutali pamodzi. Lakumanja ndalidula ngati lakumanzere. Foni imalira, mtsikana wina amene wangoyamba kuphunzira amandifunsa za makina, ndiye ndinasinthanitsa."

"Silingakonzeke?"

"Galasi ukadula wadula. Aitanitsa lina, mtengo wake achotsa pa alawansi yanga. Atinso popeza ndikulakwitsabe, ndiphunzire miyezi ina sikisi."

"Akuphunzitse ndani?"

Anakhala pa ndowa yovundikira n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

Tsiku limenelo ndinachapa katani imodzi yokha. Inayo ndinaifinya n'kuikoleka pa chitseko ndi litsiro lake.

Lamlungu ndinamuuza kuti mawa ndifika kushopuko.

"Ayi amayi, chonde. Mukandichititsa manyazi. Kuntchito sapita ndi mayi ake munthu."

"Iwe suli pantchito, uli pasukulu. Kusukulu makolo timafikako. Komanso ndikupita ndi magalasi angawa."

Magalasi angawo kasikuluwu kake kanagwa kalekale, mwendo umodzi ndinamanga ndi ulusi wakuda. Mwana wopanga magalasi ali m'nyumba momwemo, koma tsiku lililonse amati mawa.

Lolemba ndinapempha mnzanga kuti andigwirire makina ochapira nthawi ya nkhomaliro. Shopuyo ndi yaing'ono koma yoyera, mafelemu ali mizeremizere kukhoma, pakauntala pali kalilole wozungulira. Kuseri kwa chitseko kunkamveka makina akulira ngati akupera mchenga. A Mzere Wapansi anatuluka m'chipinda choyezera, bambo aulemu, tayi ali pakhosi. Sanandidziwe, chifukwa tinali tisanaonanepo.

"Tikuthandizeni, mayi?"

Ndinavula magalasi n'kuwaika pakauntala. Anayang'ana ulusi uja n'kumwetulira.

"Amene anakusokerani awa ndi telala wabwino."

"Ndine ndemwe. Koma ndikufuna andikonzere munthu wodziwa. Ndamva kuti muno muli ophunzira. Sindikufuna wophunzira agwire magalasi anga, ndilibe ena."

"Musade nkhawa," anatero, n'kugogoda pa chitseko chija. Mwana wanga anatuluka atavala jasi loyera, manja ali ndi madzi. Atandiona anayang'ana kudenga. "Uyu ndiye katswiri wathu. Magalasi onse otuluka muno amadutsa m'manja mwake. Ine ndemwe sindimuyang'anira n'komwe."

"Zikomo, bambo. Ine ndine mayi ake a katswiri wanuyu."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwanayo. Kenako anakoka mpando. "Khalani pansi, mayi."

"Ndiima, nthawi ndilibe. Ndili ndi funso limodzi. Mwanayu ndi wophunzira kapena ndi wantchito?"

"Ndi wophunzira amene wapita patali."

"Ngati ndi wophunzira, kulakwitsa ndi mbali ya kuphunzirako. Pamayenera kuima munthu pambali pake womuuza kuti imani kaye, ilo ndi lakumanja. Munthuyo palibe, ndiye galasi lija ndi lanu. Ngati ndi wantchito woti mungamufunse za galasi lowonongeka, mulipireni ngati wantchito. Sankhanipo chimodzi. Zonse ziwiri ayi."

Sanakwiye. Anavula magalasi awo n'kuwapukuta ndi tayi, zimene mwana wanga amati amaletsa makasitomala kuchita.

"Mayi, inu mukuona salale yokha. Ine ndikamulemba ntchito ndiye kuti ndiziika gawo langa ku penshoni yake, tchuthi ndizimulipira, akadwala ndizimulipira. Lendi ya malo ano ikukwera, makina ajawa sindinamalize kulipira. Alawansi si malipiro, ndi yongomuthandiza kuti azifika kuno. Malipiro ake ndi luso limene akupeza."

"Lusolo analipeza chaka chatha. Chaka chino akupeza chiyani? Luso silikwera basi, bambo. Ya basi ndimapereka ndine."

"Ndikuuzeni zoona. Sabata iliyonse pakhomo pano pamafika achinyamata ofuna malo amenewa, ena amati ngakhale ulere."

Zimenezo zinali zoona, ndipo ndinaona kuti mwina ndamuthetsera mwana malo. Ntchito za magalasi sizili paliponse. Ndinayamba kuwerengera mumtima kuti kuhotela akufuna wopinda matawulo.

Mwana wanga anapukuta manja pa jasi, n'kutulutsa makiyi m'thumba. Anawaika pakauntala pang'onopang'ono, osawaponya.

"Bwana, ndavomera kuphunzira miyezi inayo. Koma ndiphunzire ngati wophunzira. Makiyi sungani ndinu, ndizikupezani mutatsegula. Galasi lililonse, ndisanadule, muzibwera kudzaona ngati ndaika bwino. Ndikamaliza muziyeza ndinu. Mtsikana uja muzimuphunzitsa ndinu, ine ndingamusocheretse."

"Ukudziwa kuti ine ndimakhala ndi anthu oyeza maso."

"Ndizidikira, bwana."

Kenako anatenga magalasi anga, anadula ulusi uja, anaika kasikuluwu katsopano, n'kuwongola miyendo. Anandiveka yekha.

"Bwana, mungaone ngati ndamanga bwino?"

A Mzere Wapansi anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. Ndinafunsa mtengo, anati zimenezo salipiritsa. Ndinabwerera kuntchito.

Usiku titatha kudya mwanayo anasonkhanitsa ziwiya. Potsuka mbale anati, "Mukadandiuza kuti mukayamba ndi bodza la kasitomala."

"Bodza liti? Magalasi sanali othyoka?"

Sabata imeneyo ankachoka m'nyumba mochedwerapo, chifukwa panalibe chotsegula. Pobwera ndinkayang'ana chikwama chake, kuona ngati muli jasi lija, poti akamuchotsa adzabwera nalo kunyumba. Ankandiuza zochepa. Akuti a Mzere Wapansi ankathamanga pakati pa chipinda choyezera ndi cha makina, munthu kumusiya atatseka diso limodzi ndi chikhatho. Magalasi olonjezedwa Lachitatu anatuluka Lachisanu. Agogo ena anadikira mpaka anagona pampando. Lachinayi kunabwera mnyamata wina kudzayesedwa ntchito. Anapatsidwa galasi lotaya kuti adule, n'kulidula lochepa moti linkagwa mu felemu. Anauzidwa kuti adzamuimbira.

"Akadalidula bwino?" ndinafunsa.

"Bwezi ndikupinda matawulo ndi inu."

Zenera la pabalaza sabata yonse linali ndi katani imodzi. Aneba anandifunsa ngati ndikusamuka.

Loweruka lotsatira ndinanyika katani yachiwiri ija. Sopo asanalowerere, mwanayo analowanso, n'kuima pakhomo pomwe paja. Ulendo uno makiyi ankalira m'dzanja.

"Andilemba, amayi. Kuyambira mwezi wamawa. Kontirakiti iyi, akuti ndiiwerenge kunyumba ndikasayine Lolemba."

Nkhope yake sinali ya munthu wolembedwa ntchito.

"Nanga wakwinya chiyani?"

"Alawansi ya basi ndi ya chakudya yatha, akuti zonse zili mu salale. Ndiye achotsepo penshoni, achotsepo msonkho. Ndawerengera m'basimu. Zofika m'manja zikuposa alawansi ija, koma osati mmene ndimaganizira. Komanso miyezi itatu yoyamba ndi yondiyesa. Kundiyesa ine! Pa makina amene ndimawadziwa kuposa eni ake."

Ndinapukuta manja, ndinavala magalasi, n'kuwerenga nditaima. Mapepala otere ndawaonapo kuhotela.

"Apa alemba kuti ukadwala alipira. Apa tchuthi cha pachaka. Apa penshoni, iwe gawo lako, iwo gawo lawo. Apa akuti akafuna kukuchotsa akuuziretu nthawi ilipo, osati kungokudzidzimutsa kuti usabwerenso. Mwezi uliwonse uzilandira kapepala kosonyeza zimene walipidwa ndi zimene achotsa. Kodi alawansi ija inali ndi kapepala?"

"Inali ndi envulopu."

"Ndiye sayina."

"Nanga miyezi yonse ija ndakhala ndikugwira ndekha? Ndinawafunsa. Akuti nthawi imeneyo ndinali wophunzira. N'chifukwa chake andibwezera ndalama ya galasi lija, akuti wophunzira sadulidwa."

Ndinaseka ndekha. Bambo aja anasankha ndithu chimodzi, chotsika mtengocho.

"Ukafuna kutsatira miyeziyo, ofesi ya zantchito ilipo, ukhoza kukafunsa," ndinatero. "Ine sindikuperekeza, nsapato zanga zatha. Koma uyambe wasayina, miyezi yoyesayo ithe."

Anapinda pepalalo n'kuliika m'chikwama.

"Mtsikana watsopano uja anandifunsa kuti iye aphunzira mpaka liti."

"Unamuuza chiyani?"

"Ndinati akafunse tsiku lomaliza, alembe papepala. Ndipo asalandire makiyi."

"Chabwino. Ya basi kuyambira mwezi wamawa ndi yako, usandiyang'anenso. Ndipo uzigula sopo."

"Ayi amayi, ngakhale salale yoyamba sinafike!"

"Ifika. Vula nsapatozo, gwira uku."

Anagwira mbali ina ya katani, ine ina. Madzi anali atazizira, ndipo dothi la m'mphepete linali lisanachoke n'komwe. Ndinathiramo sopo wina n'kugwada.