Wilson Mhone Akufuna Ntchito

Paston anatsika sitima ya Ilala pa doko la Nkhata Bay atanyamula sutikesi imodzi ndi dzina la munthu wakufa.

Kale ku Bulawayo, mnzake Wilson atamwalira ndi chifuwa, Paston anatenga chitupa chake ndi makalata ake a umboni, poti iye analibe. Pa dzinalo anapeza ntchito ya ukhuki, nadya nalo zaka zambiri. Koma kumudzi kwa Wilson, kufupi ndi Nkhata Bay komweko, sanatumize uthenga wa maliro. Akanatumiza bwanji, womwalirayo akuphika buledi m'mawa uliwonse?

Tsono ntchito ija inatha, ndipo njala ilibe manyazi. Analemba pepala m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, nalikhoma pakhoma la sitolo ya Mmwenye pafupi ndi doko: "Wilson Mhone, wochokera ku Rhodesia, akufuna ntchito ya ukhuki, panyumba kapena m'sitima. Amadziwa kuphika za Azungu, kuchapa, kusita ndi kulankhula Chingerezi. Makalata a umboni alipo. Amapezeka pano m'mawa."

Dzina lakelake sakanalembapo. Ndani angalembe ntchito khuki wopanda kalata? Anadzilimbitsa mtima kuti mtchona ngati Wilson, wotayika kalekale, anthu anamuiwala. Anaganiza mopusa bambo ameneyu, ngati kuti mayina amaola msanga ngati usipa.

Mkucha wake anapeza mayi wowonda atakhala pansi pa pepalalo, atavala chilundu chatsopano, nthochi zakupsa zili m'kadengu.

"Ada, mumadziwa kuwerenga?" anafunsa mayiyo. "Ine ndine Keziah. Akuti amuna anga abwera. Tandiwerengereni ndimve ndekha."

Paston anawerenga. Atafika pa kusita, mayiyo anaseka misozi ili m'maso.

"Ndi iwowo! Malaya okwinyika sankawafuna. Achita manyazi kufika kunyumba chimanjamanja. Ine sindifuna katundu, ada."

Kuyambira tsikulo mayiyo ankabwera m'mawa uliwonse, kuyang'anitsitsa nkhope ya mwamuna aliyense wodutsa. Paston ankaima chapatali, mantha atamugwira. Sitima ikalira, iye ankamva chifuwa cha Wilson. Kuchotsa pepalalo kunali kugona ndi njala, kulisiya kunali kumupha mayiyo pang'onopang'ono. Analisiya.

Lachisanu kunafika kalaliki wa ku esiteti ina, pa njinga. Bwana wake ankafuna khuki sabata yomweyo. Kalalikiyo anawerenga pepalalo, nakuwa:

"Wilson Mhone ndani pano?"

Keziah anadzuka msangamsanga, nakonza duku lake, maso ali mwazumwazu.

Paston sanafune kuyankha. Koma pakamwa pake panali patazolowera, zaka zonsezo akuitanidwa kukhitchini.

"Ndine, bwana."

Kalaliki anatambasula dzanja kuti aone makalata. Keziah anasendera pafupi, namuyang'ana Paston kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nthawi yaitali. Sanakalipe. Anaika kadengu ka nthochi pansi mosamala.

"Ada," anatero motsitsa mawu, "dzinalo mwabwera nalo. Nanga mwini wake mwamusiya kuti?"