Banja Silinathe

Killian anayala fomu ya ku Imigireshoni patebulo pamene atate ake ankakonzerapo wailesi. Mphepo ya Julaye inkalowa pazenera losweka la nyumba yawo ya ku Kabwata, ndipo anatsindika pepalalo ndi mbale ya shuga. Linali Lachisanu m'mawa, tsiku lomwe mayi ake analamulidwa kukaonekera.

Sabata lapitalo a Imigireshoni anazungulira msika wa Kabwata, n'kuyamba kuona ma reji, ziphaso za boma. Mayi Perpetua Mbewe anatulutsa khadi lawo lapinki, la anthu obadwira kunja, koma pepala lowaloleza kukhala m'Zambia analibe. Anabwera kuchokera ku Mchinji ali mtsikana, nthawi ya Chitaganya, malire asanakhale nkhani. Zamapepala zonse ankati adzakonza ndi amuna awo, a Wilbroad. A Wilbroad anagwa pantchito mu Epulo, osadzukanso. Tsopano mawu anali amodzi: abweretse fomu yosonyeza kuti ndi wokhazikika m'dziko muno kuyambira kale, apo ayi lole yopita kumalire a Mwami ili ndi malo.

"Amai, mvelani malangizo poyamba," anatero Killian. "Akuti tilembe na inki, zilembo zikuluzikulu. Osasiya mpata, osafufuta. Ndipo wolemba bodza ali na mulandu."

"Ine bodza ndilitenga kuti?"

"Sininakambe kuti muli nalo. Nibelenga chabe."

Pampando wa pakhomo panali a Rhoda, mlongo wa malemu, amene anabwera ndi basi yoyamba kuchokera ku Chelstone kuti akachitire umboni. Chikwama chinali pamiyendo, ngati munthu wosafuna kukhalitsa.

"Chizungu cha ku koleji chigwire nchito lelo," anatero. "Poti satifiketi tinaisiya komweko."

Killian anatsegula kope lake. Anasiya koleji atangoika maliro, ndipo kope lomwe ankalembamo za akaunti ndi limene tsopano ankayeseramo mayankho asanawaike pafomu.

"Dzina."

"Nankhoma."

"Ilo n'la ulemu, Amai. Afuna lili pakhadi, monga mwamene linalembedwela. Likasiyana chilembo chimodzi azakamba ati ndimwe anthu abili."

Analemba. Kenaka anafika pofunsa za mtundu.

"Mchewa," anatero mayi, akudabwa kuti mwana wawo angafunse zotere.

"Safunsa chinenelo kapena mfumu yanu. Afunsa dziko lamene likubelengani kuti ndimwe munthu wake."

"Dziko limene ndaikamo mwamuna ndi ana awiri silindiwerenga?"

"Likalibe. Ndiye chifukwa tili pano." Analemba Malawi, mutu uli pansi.

Pa keyala yokhazikika mayi anatchula mudzi wa kwawo ndi nyakwawa yake. Killian anafotokoza kuti boma likufuna khomo limene wapolisi angagogode n'kuwapeza, ndipo analemba nambala ya nyumba ya ku Kabwata. Pa tsiku lolowera m'dziko mayi anati chaka chatha, pochokera kumaliro a mchimwene wawo. Killian anaika cholembera pansi.

"Apa ndiye pangatiphe. Mukalemba chaka chatha, ndimwe mulendo wa dzulo. Afuna ulendo woyambilila. Maulendo a malilo ali na malo yake pansi apa, pofunsa nthawi zamene munachokapo."

"Fifite eyiti," analowerera a Rhoda. "Anabwera pa lole ya fodya, atavala nsapato za eni. Ndinawalandira ndine."

"Zinali zanga, alamu."

"Zinali zazikulu."

Mayi anamwetulira pang'ono, koyamba sabata lonselo. Killian anatembenuza pepala, n'kupeza timabokosi tinayi tondondozana. Anawerenga chamumtima, kenaka anamasulira mofulumira, ngati munthu wodumpha ngalande.

"Apa afunsa ngati muli pa banja kapena banja inasila."

"Ndili pabanja."

"Amai."

"Ndati ndili pabanja. Wandisudzula ndani?"

Anafunsa akuyang'ana a Rhoda. Mwambo wa kusudzula, pamene abale a mwamuna amamasula mkazi wofedwa, unali usanachitike. Akuluakulu a ku Katete, kwawo kwa malemu, anati adzabwera akagulitsa chimanga. Kufikira tsikulo mayi ankavala zakuda, ankagona pamphasa pansi pa bedi, ndipo kapu ya a Wilbroad inali pamalo ake.

"Zoona," anatero a Rhoda, nkhope itauma. "Mkazi sadzimasula yekha. Amve ku Katete kuti analemba ku boma kuti banja linatha, ife tisananene? Adzati anali ndi wina kale. Ndipo mwana akadwala m'nyumba muno, musadzatifunse."

"Ba anti, tikachonga kuti ali pa banja, muzele wokonkhapo ufuna keyala ya mwamuna na kwamene asebenza. Nizalemba chani? Leopards Hill?"

Dzina la mandalo linagwa m'nyumba ngati mbale yosweka. Mayi anadzuka, nakamanga mpango kuchipinda. Killian anatsala akuyang'ana kabokosi kachitatu, ka ofedwa. Kuchonga kunali kosavuta. Mayi sankawerenga Chingerezi, a Rhoda maso anali atafooka. Cholembera chinafika pafupi, inki n'kutsala pang'ono kudontha. Koma anadziwa kuti ku ofesi adzawafunsa pakamwa, ndipo pakamwa pakasiyana ndi pepala, bodza lidzakhala la mayi, osati lake. Anapinda fomu mpatawo uli wosalemba.

Basi ya m'tauni inadzaza ngati thumba la makala. Anatsika pafupi ndi Cairo Road, nadutsa mzere wa anthu odikira unga umene unakhota mpaka kuseri kwa sitolo. M'khonde la ofesi munali mabenchi awiri ndi fungo la polishi. Bambo wina wa ku Zaire ankakangana ndi mlonda m'zinenero zitatu. Chitseko cha kumapeto chikatseguka, ena ankatuluka ndi kapepala m'manja, ena ankatuluka ndi wapolisi pambali, kulowera kubwalo la kuseri kumene kunaima lole.

Mayi anaiona loleyo pazenera. Anakokera mpango kumaso.

Anaitanidwa dzuwa litakwera. Mkulu wa muofesimo, a Chomba malinga ndi kathabwa ka patebulo, anali munthu wa ku Luapula, wa Chinyanja chothyokathyoka. Anayendetsa chala pafomu, mzere ndi mzere, akugwedeza mutu. Chala chinaima.

"Apa palibe. Nindani analemba?"

"Ndine, bwana."

"Iwe unabelenga malangizo? Fomu ya mpata sinilandila." Anayang'ana wotchi ya pakhoma. "Nivala ofesi pa lanchi. Mukabwela Mande, tsiku yanu yapita, ndipo nkhani siizankhala mu manja mwanga. Ba mayo, muli na bamuna?"

"Ndili nawo," anatero mayi.

"Ali kuti? Abwele asaine."

Killian anasendera pafupi ndi tebulo. Wapolisi wa pakhomo anali atatembenuka kumvetsera.

"Bwana, nipatseniko mpata nibamasulile bwino. Kunyumba sininamasulile bwino."

A Chomba anakweza dzanja, kusonyeza kuti afulumire.

Killian anagwada pambali pa mpando wa mayi, monga ankachitira ali mwana popereka madzi. Analankhula Chichewa cha mayi ake, chimene ankachigwiritsa ntchito pa zinthu zolemera zokha.

"Amai, ndinakunamizani pang'ono m'mawa. Pepalali silikufunsa ngati banja linatha. Silidziwa za kusudzula, silidziwa za ku Katete, silikufunsa ngati ndinu womasuka kukwatiwa. Tibokosi tili tinayi. Koyamba n'ka amene sanakwatiwepo. Kachiwiri n'ka amene mwamuna wake angaitanidwe, n'kulowa pakhomo apo. Kachinayi n'ka amene analekana kukhoti. Kachitatu..."

Anaima. Kuyambira Epulo anali atanena kuti atate anatisiya, atate kulibe, zimene zinachitika zija. Kukoleji sanapite n'komwe kukafotokoza, anangoleka.

"Kachitatu kakufunsa chinthu chimodzi. Kodi a Wilbroad Mbewe ali moyo?" Mawu anatuluka okhadzuka. "Atate anamwalira, Amai. Anafa. Sabwera kudzasaina. Anati adzakonza, sanakonze, ndipo atisiyira ife."

Mayi anamuyang'ana. Kenaka anatambasula dzanja, nampukuta kumaso ndi nsonga ya mpango wakuda, mwamphamvu, ngati akuchotsa phala pa mwana. Anatembenukira kwa a Chomba.

"Amuna anga anamwalira mu Epulo. Koma ine ndikadali wawo."

"Bakamba chani?" anafunsa a Chomba, chifukwa mawu anali otsika.

Killian anabwereza zonse ziwiri, osachotsapo.

"Yoyamba ndiye ya boma," anatero a Chomba. "Yachibili ni yanu, sungani. Satifiketi ya imfa muli nayo?"

Killian anaitulutsa m'kope muja, pamodzi ndi kalata ya ukwati ya ku parishi ndi makadi a ubatizo a ana, osonyeza zaka zimene mayi akhala mu Lusaka. A Chomba anazisanthula, nafunsa a Rhoda za lole ya fodya ija, nalemba reji yawo yobiriwira. Kenaka anakankhira fomu kwa Killian.

"Chonga. Ba mayo badinde."

Killian anachonga kabokosi kachitatu. Anawerengera mayi mawu otsiriza, akuti zonse zalembedwazi n'zoona ndipo azimva. Kabokosi ka inki kanatsegulidwa. Mayi anakweza chala chachikulu, koma chinaima m'mwamba. Maso awo anali pa a Rhoda.

A Rhoda anali atafinya chikwama. Anayang'ana wotchi, anayang'ana zenera la kubwalo la kuseri. Anadzuka, nazungulira tebulo, nagwira dzanja la mlamu wawo. Analiviika okha mu inki, nalitsindika papepala ndi mphamvu yoti tebulo linalira.

"Akafunsa ku Katete, ndinagwira dzanja ndine," anatero. "Abwere adzakangane ndi ine. Ndipo musaganize kuti mwasudzulidwa, alamu. Zakudazo musavule."

"Ndani anati ndivula?"

A Chomba anadinda kapepala, nang'amba. "Ici musunge. Bakakugwilani ku maliketi, mubalangize. Yankho izabwela ku keyala yamene mwalemba. Wokonkhapo!"

Panja mphepo inali ikuulutsa fumbi ndi mapepala. Mayi anapinda kapepalako, nakaika m'bulauzi. Chala chawo chinali chofiirira ndi inki, ndipo zala ziwiri za a Rhoda zinali chimodzimodzi. A Rhoda anazipukuta pa chikwama, inki osachoka.

"Iwe," anatero kwa Killian, osamuyang'ana. "Mande upite ku koleji. Ukawauze zimene wanena m'katimo."

Killian sanalonjeze. Anatenga mayi ake pamkono, nawaolotsa msewu kupita kokwerera basi ya ku Kabwata.