Kapu ya Malemu Apongozi

Adokotala analankhula mosapita m'mbali dzulo lake: ngati mkuluyo sadya kanthu pofika 4 koloko mawa, adzapita naye kuchipatala akamulowetse chubu chodyetsera cha m'mphuno. Mkuluyo naye anayankha mosapita m'mbali, nkhope ili kukhoma, kuti akamutengera kumeneko adzabwerako m'bokosi. Patapita kanthawi ananong'ona mawu ena: "Keke ya mandimu ija."

Telala anamva ali pakhomo la chipinda. Anali mpongozi m'nyumbamo, mayi wa manja aluso amene ankatha kuyeza chiuno cha munthu ndi maso okha, koma uvuni ankangouona ngati kabati yosungiramo mapoto. Keke ya mandimuyo ankaphika apongozi ake aakazi, amene anamwalira masabata asanu apitawo. Chichokereni iwo, apongozi aamuna, mkulu uja, ankangotola chakudya ngati mbalame, ndipo masiku atatu omalizawa ankangomwa madzi basi. Mwamuna wa Telala, dalaivala wa magalimoto akuluakulu, anali pa ulendo wa masiku anayi. Zonse zinagwera iye.

M'mawa foni inalira. Mlamu wake, amene anatenga kope la maphikidwe la amayi ake atatha maliro n'kupita nalo kutali komwe amakhala, anatumiza chithunzi cha tsamba limodzi. Pansi pake analemba kuti, "Ndi imeneyi. Musalakwitse, mlamu." Kulamula uli kutali n'kosavuta ndithu.

Telala anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Malemuwo anabadwira kutsidya kwa nyanja, ndipo analemba m'chinenero chakwawo, zilembo zopendekeka ngati nsalu zoyanika tsiku la mphepo. Iye anangozindikira manambala okha.

Anathamangira khomo lachitatu kwa Apasitima, nkhalamba imene inaphikira anthu pa sitima zapamadzi zaka makumi awiri, n'kubwerako ndi zinenero zinayi komanso bondo limodzi lovuta. Apasitimawo anabwera akutsimphina, nakhala patebulo la kukhitchini, foni aitalikitsa ndi nkhope.

"Dzanja ili ndi la munthu wolemba akutakasa mphika," anatero. "Lembani, mayi. Makapu atatu a fulawa. Awiri a shuga. Imodzi ya mafuta, imodzi ya mkaka. Mazira atatu. Tisipuni tiwiri ta ufa wotupitsa. Khungu la mandimu awiri, lopala. Moto 350, mphindi makumi anayi."

Telala anayang'ana uvuni. Manambala a pa chopotokola chake ankathera pa 250.

"Ndiye kuti uvuni wathu ndi wofooka? Ndiika pa mapeto, ndiwonjezere nthawi."

"Mukatero muphika makala," anatero Apasitima. "Kwawo kwa malemuwa amawerenga kutentha mwa njira ina. Chotsanipo 32, muchulukitse ndi 5, mugawe ndi 9."

Telala analemba ndi choko chake chosokera pa thabwa lodulirapo. Inatuluka 177.

"Ikani pa 180. Kapu ya m'mabuku awo ndi mamililita 240, kasipuni ndi 5. Zimenezi ndimazidziwa ngati dzina langa."

M'nyumbamo munalibe makapu oyezera. Telala anatenga jagi ya pulasitiki yokhala ndi mizere m'mbali, nayeza madzi mpaka pa 240, n'kupeza kuti akudzaza ndendende kapu yaikulu imene mwamuna wake amamwera tiyi. Kasipuni anatenga ka mankhwala a chifuwa, kolembedwa 5. Mazira analipo asanu ndi limodzi. Anaswa atatu.

Atathira phalalo m'chitini cha malemu, chimene ankaphikiramo kekeyo nthawi zonse, linadzaza mpaka kukamwa.

"Kodi zimayenera kutere?"

"Masamu sanama," anatero Apasitima, koma anakanda m'mutu.

Pa mphindi makumi awiri fungo la chopserera linadzaza khitchini. Phala linasefukira n'kumadontha pansi pa uvuni. Pa mphindi makumi anayi pamwamba panada, koma mpeni utalowa pakati unatuluka wonata. Anawonjezera mphindi makumi awiri. Chimene chinatuluka chinali cholemera ngati njerwa yonyowa, chakuda kunja, chosapsa m'kati. Wotchi inkati 1 koloko yadutsa.

Telala anafuna kulira, koma mkwiyo unafika msanga kuposa misozi.

"Munati mumazidziwa ngati dzina lanu."

"Mawu ndamasulira bwino, mayi. Palembedwa kuti kapu."

"Kapu yake iti?"

Funsolo linatuluka lokha. Iye anali telala. Kasitomala akanena kuti "mikono itatu", funso loyamba limakhala lakuti mkono wa ndani. Mazira anali atatu, tisipuni tinali tiwiri, chitini chinali chomwecho. Chimene chinakula chinali kapu yokha, n'chifukwa chake mazira ndi ufa wotupitsa zinalephera kunyamula mtolo wonsewo.

Anaimbira mlamu wake. Foni inangoitana. Anaimbanso kawiri, osayankha. Anatsegulanso chithunzi chija, nthawi ino osayang'ana mawu. Pakona ya tsambalo panali chizindikiro chozungulira chofiirira, pomwe munthu anaikapo kapu yonyowa pansi, osati kamodzi kokha. Anawerenga mizere ya kope imene chizindikirocho chinadutsa. Inali isanu. Anatenga kope lake lolembamo miyezo ya makasitomala, la mizere ngati yomweyo, naikapo tepi. Masentimita anayi.

Anatsitsa makapu onse a m'kabati, n'kumawatembenuza imodziimodzi, tepi ili m'manja. Masentimita asanu ndi limodzi. Asanu ndi awiri. Asanu ndi theka. Palibe inafanana. Anasuzumira m'chitini cha fulawa, m'madirowa, kuseri kwa mapoto. Apasitima ankangoyang'ana wotchi, ndipo kuyang'anako kunkamupweteka Telala kuposa mawu.

"Tingoyerekeza," anatero nkhalambayo. "Tichepetse pang'ono."

"Mazira atsala atatu, ndipo nthawi yatsala ya keke imodzi. Sindidula nsalu mongoyerekeza."

Kenako anakumbukira. M'chipinda cha apongozi, pa katebulo ka mbali imene malemu ankagona, panali kakapu koyera ka mzere wabuluu. Tsiku lina Telala akusesa anafuna kukachotsa, mkuluyo n'kumugwira dzanja mwamphamvu moti anadabwa kuti mphamvuzo zachokera kuti. Malemu anamwera tiyi m'kakapu kameneko m'mawa wa tsiku lomwe anagwa. Sikanatsukidwe chiyambire.

Anagogoda, nalowa, nagwada pafupi ndi bedi. M'chipindamo munkanunkha mankhwala ndi makatani osatsegula.

"Bambo."

"Mwapsereza," anatero mkuluyo osatembenuka. "Ndamva fungo."

"Ndapsereza, bambo. Ndinayezera kapu yolakwika." Analoza kakapu kaja. "Ndikupempha nawo ya amayi."

Mkuluyo anatembenuka pang'onopang'ono. Maso ake analowa m'kati, milomo inauma mpaka kung'aluka. Anayang'ana kakapuko. M'kati munali tiyi wouma, ndipo m'mphepete munali kachizindikiro ka milomo.

"Mukufuna mukaitsuke."

"Ndingoyeza pansi pake ndi tepi, ngati mungalole. Mwina si imeneyi."

Mkuluyo sanakane, ndiye Telala anatambasula tepi, nayeza osakanyamula. Masentimita anayi. Anakhumba zikanakhala zina.

"Ndi imeneyi, bambo. Nditha kuyeza kukamwa kwake ndi kuya kwake, Apasitima awerengere. Sizikhala ndendende, koma sindiikhudza."

"Muyeza chiyani inu," anatero mkuluyo. "Sankadzaza. Fulawa ankalekeza pa mzere wabuluu, shuga ankapitirira pang'ono poganiza kuti sindikuona. Zimenezo zili m'chithunzi chanucho?"

"Mulibe, bambo."

Galimoto ina inadutsa panja, Telala n'kudzidzimuka poyesa kuti ndi adokotala. Kenako mkuluyo anatsitsa miyendo pabedi.

"Ndigwireni mkono. Kapuyi ndinyamula ndekha."

Kuchoka kuchipinda kufika kukhitchini ndi mapazi khumi ndi awiri, koma anapuma kawiri. Apasitima anaimirira kuti awapatse mpando, mkuluyo anakana. Anapita pa sinki, natsegula mpopi, n'kuima pamenepo madzi akungotayika, kapu ili pachifuwa. Telala anayang'ana pansi. Atadzutsa mutu anaona chala chachikulu cha apongozi ake chikupukuta m'mphepete muja pansi pa madzi, pang'onopang'ono, mpaka panayera.

"Yezani," anatero, nakhala pansi.

Apasitima anathira madzi mpaka pa mzere wabuluu n'kuwakhuthulira mu jagi. Mamililita 150. Anapukusa mutu.

"Zaka makumi awiri pa sitima, kundigonjetsa kakapu ka tiyi."

Telala anapukuta kapuyo, nayamba. Fulawa katatu, pa mzere. Shuga kawiri, kupitirira pang'ono, mkuluyo akuyang'anitsitsa ngati woyang'anira mayeso. Atatenga kasipuni ka mankhwala, mkuluyo anagwedeza mutu kuvomereza. Phala linafika pamwamba pang'ono pa theka la chitini. Linalowa mu uvuni 3 koloko itadutsa ndi mphindi khumi. Telala anakhala chogwada pa galasi la uvuni, kuyang'ana keke ikukwera, kuopa kuti isefukira, kuopanso kuti sikwera.

Adokotala anagogoda keke ikuzizira pawindo. Analowa ndi chikwama chawo, naima pakhomo la khitchini, kudabwa kuona wodwala wawo ali patebulo.

"Adya?"

"Akudya tsopano," anatero Telala, ngakhale sankadziwa.

Anadula kachidutswa, kakutuluka nthunzi, kachikasu mpaka pakati. Mkuluyo anakatembenuza kuyang'ana pansi pake. Ananyema pang'ono, naika m'kamwa, natafuna nthawi yaitali. Mkuluyo anameza.

"Si yake," anatero.

Telala anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Yake inkapserera pansi. Nthawi zonse. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndinkadya osamuuza, ndinkati ndidzamuuza tsiku lina tidzaseke." Misozi inatsika m'makwinya a nkhope yake, ndipo sanaipukute. Anakankhira mbale kwa mpongozi wake. "Ndidulireni china, mwana wanga. Cham'mphepete, pomwe pada pang'onopo."