Mawu Zana Limodzi a Abusa

Uthenga wa mlembi wa msonkhano unali waufupi: abusa atumize mbiri yawo yoti ilowe m'kabuku ka msonkhanowo, mawu osapitirira zana limodzi, pamodzi ndi chithunzi, lisanafike Lachisanu masana. Abusa anawerenga, naseka. Munthu amene pemphero la chakudya lokha limamutengera mphindi khumi, mawu zana limodzi angamukwanire pati?

Koma pansi pa uthengawo panali china chimene chinawadula kuseka. Tsiku lachiwiri la msonkhano, ola limodzi lomwelo, padzakhala maphunziro atatu m'zipinda zitatu, ndipo aliyense adzasankha yekha kolowa atawerenga kabukuko. Chipinda choyamba munali pulofesa wa ku koleji ya zaubusa. Chachiwiri munali dokotala wina wolemba mabuku. Chachitatu munali iwowo, ndi mutu wawo wa kuyendera odwala. Abusa anaona m'maganizo mipando makumi anayi yopanda anthu, iwo ali kutsogolo kulalikira makoma, ndipo anachita mantha enieni.

Lachitatu anadzitsekera mu ofesi ya kuseri kwa tchalitchi. Anatsitsa fayilo yofiirira pamwamba pa kabati, nayala masatifiketi patebulo ponse, ena pampando, ena pawindo. Pofika madzulo anali atadzaza masamba atatu. Anayambira tsiku limene anabadwa, mvula ikugwa, ndipo tsamba loyamba linatha asanalowe n'komwe sukulu.

Mayi busa anabwera ndi tiyi, nasowa poika kapu.

"Bambo, mukusamuka?"

"Ndikulemba mbiri, mayi. Tamverani."

Anamvera ataimirira, kapu ili m'manja, mpaka tiyi anazizira. Kenaka anatenga pensulo nayamba kuwerenga mawu, mzere ndi mzere, milomo ikugwedera.

"Chikwi chimodzi ndi makumi anayi. Kupatula ma Aleluya."

Abusa anati mlembiyo ndi mwana wa mumpingo, adzamvetsa. Anatumiza zonse, ndi chithunzi chodulidwa pa chithunzi cha ukwati wa mphwawo.

M'mawa mwake foni inalira. Mlembi wa msonkhano anali mayi waulemu kwambiri, wa mtundu uja umene umakukana ukumwetulira, iwe n'kuthokoza.

"Abusa, ndadalitsika nawo umboni wanu," anatero. "Koma tsamba limodzi likulowa anthu atatu. Ndikakupatsani masamba atatu, pulofesa ndimuika pachikuto chakumbuyo."

"Ndiye ndichotse chiyani, mwanangu?"

Mlembiyo anafotokoza pang'onopang'ono. Choyamba, m'kabuku salemba kuti "ine". Amalemba ngati akukunenani wina: abusa akutumikira kwakuti, anaphunzira zakuti. Chiganizo choyamba chinene udindo wa lero ndi mpingo. Kenaka chaka chodzozedwa, chaka chenichenicho, osati "zaka zambiri zapitazo", chifukwa kabuku anthu amasunga. Kenaka maphunziro, dzina lake monga lalembedwera pa pepala, ndi sukulu imene inapereka. Kenaka utumiki umene ukukhudzana ndi mutu wa phunziro. Banja, mzere umodzi. Vesi lokondedwa, ngati malo atsala, ndipo satsala.

"Nanga masatifiketi khumi ndi imodzi aja?"

"Asanu ndi anayi ndi a misonkhano ya masiku awiri, abusa. Amangonena kuti munalipo. Komanso digiri mwalembayi, munamaliza?"

Abusa anakhosomola. Digiriyo anaiyamba, nachita chaka chimodzi, n'kuisiya.

"Ndinalemba kuti ndinaphunzira. Sindinati ndinamaliza."

"Owerenga adzayesa munamaliza, ndipo aphunzitsi a kumeneko adzakhala pamsonkhano pomwepo. Ichotseni. Chithunzinso ndikufuna cha nkhope ndi mapewa. Pa ichi pali dzanja la munthu wina paphewa panu."

Foni itatha, abusa anakhala pakhonde ngati munthu wolandidwa jekete. Atachotsa zonsezo chinatsala n'chiyani? Satifiketi ya zaka ziwiri ya sukulu ya Baibulo, ndi dipuloma yophunzira pamakalata imene inawatengera zaka zisanu ndi zinayi. Pambali pa pulofesa, zinkaoneka ngati njinga yoimikidwa pakati pa magalimoto.

Mayi busa anatenga masamba atatu aja nawerenganso, ulendo uno osawerengera mawu.

"Bambo, chipatala chili pati?"

"Chipatala chanji?"

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri munali m'busa wa m'chipatala. Malaya anu onse ankanunkha mankhwala, ndinkachapa ndine. Muno mulibe ngakhale liwu limodzi."

Abusa anayang'ana kumbali. Nkhani ya chipatala inkawachititsa manyazi kuyambira kale. Anzawo a m'kalasi anapatsidwa mipingo ikuluikulu, iwo n'kutumizidwa ku mawodi, kopanda guwa, kopanda kwaya. Mumtima ankati akuluakulu anawaona kuti ndi ochepa.

"Kumene kuja sikunali kukwezedwa, mayi."

"Nanga akuitanirani chiyani? Mvula ya tsiku lobadwa lanu? Mutu wanu ndi odwala, inu mwabisa odwalawo n'kuonetsa satifiketi ya kasungidwe ka mabuku a mpingo. Dipuloma ija munkalembera kuti? Si pa benchi ya ku wodi ya amuna?"

Anakangana mpaka dzuwa linapendeka, abusa akuteteza liwu lililonse ngati mwana wawo. Mayi busa ankangofufuta. Lachisanu m'mawa anawaimika pakhoma loyera la kukhitchini, nawajambula kasanu ndi kawiri kufikira anasiya kuoneka ngati akudzudzula mpingo. Mbiri imene inapita inali iyi, pansi pa dzina lawo:

"Ndi m'busa wa mpingo wa pafupi ndi siteshoni, kumene atumikira zaka zisanu ndi zitatu. Anadzozedwa mu 1997 atatha zaka ziwiri zoyesedwa. Ali ndi satifiketi ya sukulu ya Baibulo ya mpingo wathu, ndi dipuloma ya zaubusa ya pasukulu yomweyo, imene anaphunzira pamakalata akugwira ntchito. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anali m'busa wa m'chipatala, kukhala pambali pa odwala, omwalira ndi abale awo, ndiponso kuphunzitsa akulu a mpingo kayenderedwe ka odwala. Ali pabanja ndipo ali ndi ana anayi. Phunziro lawo lidzayankha funso ili: ukalowa m'chipinda cha wodwala kwambiri, unene chiyani, ndipo ukhale chete liti?"

Mlembi anayankha ndi mawu awiri okha: "Yalowa, abusa."

Tsiku lija litafika, abusa anapita msanga kuchipinda chachitatu, nayamba kuunjika mipando ina pakona kuti manyazi achepe. Anali atachotsa khumi pamene anthu anayamba kulowa, timabuku tili m'manja. Anabweza khumi ija. Kenaka anyamata a pamalo a msonkhanowo anakatenga ina kukhonde. Chipinda cha pulofesa chinadzazanso ndithu, tisanamizane, koma abusa analibe nthawi yokasuzumira.

Asanatsegule ndi pemphero, mayi wina wovala kolala yaubusa yatsopano anaimika dzanja kumbuyo.

"Pepani abusa, ndafulumira. Ndili ndi digiri, ndinadzozedwa chaka chatha. Mkulu wa mpingo wanga ali m'chipatala, madokotala akuti masiku atha. Ndapitako katatu, katatu konse ndabwerera pakhomo la wodi. Nditawerenga za inu ndinati, awa mwina andiuza mmene amalowera."

Abusa anamva chisoni, komanso chimwemwe chimene sanachimvepo pa guwa lililonse. Anatsika kutsogolo kuja, nakoka mpando umodzi, naukhazika pakati pa anthu.

"Bwerani, abusa anzanga," anatero. "Poyamba timagogoda, ngakhale chitseko chili chotsegula. Kenaka timakhala pansi, kuti wodwala asatiyang'ane m'mwamba. Tiyeni tiyambire pomwepo."