Dalaivala Anati

Anasita kolala ya bulauzi, kenako nkubwereza pomwepo. Simbi inali itayamba kuzizira koma iye sanaone. Nyuzipepala ya dzulo inali pampando, ataipinda kuti mutu wa nkhani usaoneke.

“Iwe, bulauzi imodzi yomweyo?” anatero amayi ake ali pakhomo. “Ukusita kapena ukuipepesa?”

Sanayankhe. Kuntchito ankamutcha Phee chifukwa cha khalidwe lomweli. Anali mtolankhani wophunzira, ndipo nkhani yake yoyamba kufika patsamba loyamba ndi yomwe inamulanda tulo.

Basi yonyamula ana a sukulu inali itagunda mpanda. Palibe anamwalira, koma mwana mmodzi anathyoka mkono. Phee anakapeza dalaivala kunyumba kwake, bambo wolankhula motsitsa, amene anamuuza kuti mabuleki ankavuta ndipo anali atauza mwini basi. Phee analemba momwemo: dalaivala anati. Koma nyuzipepala itatuluka, mawu anali ena: “Dalaivala wavomera kuti mabuleki ankavuta.”

Atafika kuofesi anapeza mayi wina atakhala pabenchi ya alendo, thumba lili pamiyendo. Anamuzindikira. Anali mkazi wa dalaivala uja, amene anamupatsa madzi akumwa tsiku lija.

“Mwanawe,” anatero mayiyo osadzuka, “bambo akunyumba anavomera chiyani? Munawafunsa mlandu inu?”

“Ayi, mayi.”

“Nanga? Amavomera ndi wakuba akamugwira. Makolo a ana aja atiswera mawindo. Mwini basi akuyenda ndi nyuzipepala yanuyi m'thumba, akuti ikamuthandiza kubwalo la milandu. Ife tinakulandirani ngati mwana wathu.”

Sanakweze mawu. Anaoneka kuti mphamvu zokalipira zinamuthera panjira. Phee anayang'ana nsapato zake, nkulowa.

M'chipinda cholembera nkhani munali fungo la tiyi wozizira. Chokupizira mphepo chinkalira ngati chikudandaula. Mkonzi anali pakompyuta, maso ofiira, tayi atamasula. Sanali munthu woipa. Anali atatopa ndi nyuzipepala yosagulidwa.

“A Phee! Katswiri wathu,” anatero. “Dzulo tinagulitsa zonse. Bwera uone yamawa.”

Inali nkhani yotsatira, imene Phee analemba dzulo masana atalankhula ndi mbali zonse ziwiri. Iye analemba kuti mwini basi anati sanauzidwe kanthu, ndipo dalaivala anati anamuuza. Tsopano mzere wa mwini basi unali momwemo, koma wa dalaivala unkati: “Dalaivala waumirira kuti anamuuza.”

“Anati, anati, anati,” anatero mkonzi akuyasamula. “Nkhani yako imamveka ngati mwana akunenera mnzake kwa aphunzitsi. Owerenga amagona. Thirako mchere pang'ono.”

“Koma bwana…”

“Chabwino, ngati kuumirira sukukufuna, tilembe kuti dalaivala akudzinenera kuti anamuuza. Palibe bodza pamenepo. Ananena, si choncho?”

Mkonzi anali atagwira kale foni, akuyang'ana zina. Tsambalo linkayenera kupita kosindikiza madzulo. Kudzera pagalasi la chitseko Phee ankaona mpango wa mayi uja, osasuntha.

Miyezi yonseyi anali asanatsutsepo munthu m'chipinda muno, ndipo mkonzi yemweyu ndi amene akanasankha ngati amulembe ntchito kapena ayi.

“Bwana,” anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza. “Bwana, ndinalipo ndine. Bambo aja sanaumirire. Ananena kamodzi, atakhala pansi.”

Mkonzi anatsitsa foni.

“Tikalemba kuti wavomera, ndiye kuti tanena kuti anali ndi mlandu ndipo ankaubisa. Tikalemba kuti waumirira, tanena kuti ndi wamakani, anthu akumutsutsa koma sakumva. Kudzinenera, ndiye tawatsinzinira owerenga diso kuti musamukhulupirire uyu. Zonsezo ndi maganizo athu, si zomwe ndinamva. Mwini basi mwamusiyira anati, dalaivala mwamuchotsera. Ndiye kuti taweruza kale, pomwe sitikudziwa amene akunama. Ine sindikudziwa, bwana. Inunso simukudziwa. Chimene ndingalumbire nchoti analankhula, basi.”

Anapuma. Kenako anapitiriza.

“Anati ndi mawu ogonetsa, inde. Koma sanaswetsepo windo la munthu. Mubwezere momwe ndinalembera, ndipo mawa tikonze za dzulo patsamba lomwe lija. Mukakana, chotsanipo dzina langa, ndipo mayi ali panjawo mukawauze nokha. Ine ndatopa kuyang'ana pansi.”