Ekisiteno ya m'sutikesi

"Mwana wobereka ndekha, kanema mmodzi yekha mpaka miyezi kutha!"

Mai Eufemia ankadandaula choncho m'mawa uliwonse akamayala nanazi zawo pa Chitakale. Mwana wawo Arsenio anali ndi kashopu koikira anthu mafilimu ndi nyimbo m'mafoni, kuseri kwa siteji ya minibasi. Iwo ankangofuna kanema wa malemu amuna awo, a Bernado, akuvina tchopa. Foni imene inajambula inagwera m'madzi kalekale, ndiye kanemayo anatsala kwa Arsenio basi.

"Foni yanu ndi yodzadza, amayi. Gulani memore khadi."

"Ndigule ine? Wa shopu ndani?"

Arsenio anali munthu wa dongosolo lotopetsa. Laputopu itadzadza, zonse anazisamutsira mu ekisiteno, kabokosi kakuda kolumikiza ndi chingwe. M'menemo munali mafoda: Mafilimu, Nyimbo, Za makasitomala, Za banja. Mafilimu ankawalemba dzina ndi chaka, koma makanema ojambula anthu ankayamba ndi chaka, mwezi, tsiku, kenako chochitikacho, kuti azindandalikana okha. Ekisiteno yachiwiri inkakhala kunyumba, m'sutikesi ya mayi ake. Loweruka ankaitenga, n'kukoperamo zatsopano, n'kuibweza.

"Muli chiyani umu?" anafunsa mayi akewo tsiku lina.

"Zomwe zili mu inayo."

"Zomwezomwezo?"

"Eya. Shopu itapsa kapena akuba atathyola, iyi itsale."

Mai Eufemia sukulu analekezera sitandade thuu, koma chinthu chongogona ankachidziwa. Chimadya chiyani kuti chizigona pa zitenje zawo? Hudson, mnyamata wa shopu ngati yomweyo ku Chinakanaka, atabwera kudzagula nanazi n'kutchula kuti akusaka ekisiteno, iwo anamugwira mkono. Anamugulitsa ya m'sutikesi ija, n'kumupanikiza pa mtengo mpaka thukuta, mnyamatayo anachoka m'thumba muli mbee. Tsiku limenelo anayenda mumsika ngati nduna, akuuza aliyense kuti ophunzira sadziwa malonda.

Lachinayi kasitomala anakodwa ndi chingwe, ekisiteno ya ku shopu n'kugwa pansi ili mkati mogwira ntchito. Poilumikizanso inangoti ke, ke, ke. Laputopu osaiona.

Arsenio anafika pa benchi ya nanazi alibe nkhawa. "Yafa, amayi. Koma palibe vuto, ndipatseni kiyi wa sutikesi."

Mai Eufemia anayamba kusenda nanazi imene palibe anaigula.

"Amayi?"

"Abambo ako analinso mu inayo?"

"Ali monse muwiri. Bwanji?"

Ataulula kuti anaigulitsa, Mai Eufemia anakwera okha minibasi ya ku Chinakanaka osatsutsa ngakhale mtengo. Arsenio anali atawauza kuti wogula ekisiteno amayamba waifomata, kufufuta zonse. Njira yonse ankadzitukwana. Eufemia iwe, katswiri wa malonda, wagulitsa mwamuna wako pa mtengo wa kabokosi!

Pa shopu ya Hudson panali mzere. Mwini wake akumwetulira mano onse panja.

"Amayi anga a mwayi! Mwabwera ndi ina?"

"Usandiseke. Wafufuta?"

"Ndifufute? Zosanjidwa bwino chonchi? Ine makanema anga onse maina ake amayamba ndi VID, kupeza filimu imodzi mpaka kasitomala kugona. Tsopano ndimangoti tswa. Mwana wanu Mulungu amudalitse."

"Bweza. Ndinagulitsa bokosi, osati zam'kati."

"Inu mukagulitsa nanazi, zam'kati mumatsala nazo?"

Anthu a pamzere anaseka. Mai Eufemia anakhala pa benchi.

"Muli bambo a mwana wanga m'menemo," anatero motsitsa. "Anamwalira."

Hudson anasiya kuseka. "Anajambulidwa liti?"

"Chaka cha namondwe Freddy, tisanakolole. Ayi, titakolola."

Hudson anatsegula Za banja, n'kutsetserekera pa 2023. Analipo: 2023-07-15 Ababa tchopa. Atadina, a Bernado anatulukira ndi chikatundu cha zikopa kumsana, akudumpha ngati alibe nyamakazi, ndipo chapambali panamveka mawu a mayi wina akukalipa kuti khalani pansi inu mutichititsa manyazi. Mai Eufemia anawazindikira mawuwo. Anayang'ana kudenga.

"Ekisiteno sindibweza," anatero Hudson. "Foda ya banja ndikupatsani, kwa ine ndifufute. Ya makasitomala adzatenge yekha Arsenio. Muli ndi memore khadi?"

Anagula, pa mtengo umene Hudson anatchula. Kenako anaima kaye pakhomo, n'kubwerera.

"Ikanso pa fulashi. Zomwezomwezo. Ukauza munthu, ndikudziwa kwanu."

Anamupeza Arsenio atakhala m'shopu, akuyamba kutsitsa mafilimu kuyambira pachiyambi. Mayi ake anaika fulashi patebulo, memore khadi n'kumangirira pa chitenje.

"Iyi isunge kuno. Koma usaiwale, kanemayu wandipatsa ndi mwana wa eni. Ngongole yako ya kanema ikadalipo."

Arsenio sanatembenuke n'komwe.

"Ayi, amayi. Imeneyo sindilipira."